Kulumpha Kochepa: Mmene Kompyuta Imawolokera Mndandanda wa Manambala

Tiyerekeze kuti pamtsinje pali miyala 10 yondandalikidwa kuchokera tsidya lino kukafika tsidya linalo, ndipo pamwala uliwonse palembedwa nambala. Nambalayo tiitche mphamvu ya mwalawo. Ikunena kutalika kwa kulumpha komwe munthu woima pamenepo akuloledwa. Mwala wa mphamvu 4 umakulolani kulumphira pamwala wotsatira, wachiwiri, wachitatu kapena wachinayi kutsogolo kwanu, osapitirira apo. Wa mphamvu 0 ndi msampha, mukapondapo simuchokanso. Funso ndi ili: kuchokera pamwala woyamba, mulumpha kangati kuti mukaponde pamwala womaliza, ngati mukufuna kuti kulumphako kuchepe mmene kungathekere?

Pakompyuta miyala imeneyi ndi mndandanda wa manambala, ndipo olemba mapulogalamu amawerenga malo kuyambira pa 0, osati pa 1. Ndiye mwala woyamba ndi mwala 0, womaliza ndi mwala 9. Mndandanda umene tiugwiritse ntchito m'mutu uno ndi uwu:

```
malo:     0  1  2  3  4  5  6  7  8  9
mphamvu:  3  1  4  2  1  1  5  1  0  2
```

Funsoli ndi lodziwika kwa ophunzira kulemba mapulogalamu. Pa LeetCode, pomwe anthu ambiri amayeserera mafunso pokonzekera mayeso ofunsira ntchito, ndi funso nambala 45 ndipo dzina lake ndi Jump Game II. Yankho lake limakwana m'mizere yowerengeka, koma ambiri amaiyamba kumbali yolakwika.

Nzeru ziwiri zobwera msanga

Nzeru yoyamba imene imafika m'mutu ndi yakuti ulendo uliwonse tizilumpha ndi mphamvu zonse. Tiyese. Pamwala 0 pali 3, ndiye tikutera pamwala 3. Pamenepo pali 2, tafika pa 5. Pa 5 pali 1 yekha, tikusendera pa 6, ndipo kuchokera pa 6 mphamvu 5 ikutifikitsa pa 9. Talumpha kanayi. Komatu munthu amene anayamba ndi kulumpha kwakufupi, n'kutera pamwala 2, anapeza mphamvu 4 yomufikitsa pa 6 nthawi yomweyo, kenako pa 9. Iyeyo walumpha katatu. Fulumira adadya gaga.

Nzeru yachiwiri imaoneka yochenjererapo: mwa miyala yomwe tingafikepo, tisankhe wa mphamvu yaikulu. Pamndandanda wathuwu ikugwira, chifukwa mwala 2 ndiwo wamphamvu mwa miyala 1, 2 ndi 3. Koma taonani mndandanda wina waufupi, `[3, 3, 1, 2, 1, 1]`. Kuchokera pa 0, wamphamvu kwambiri ndi mwala 1 wa mphamvu 3, umene ukuthera pa 4. Mwala 3 uli ndi 2 chabe, koma popeza uli kale patsogolo, ukufika pa 5, pamapeto penipeni. Wosankha nambala yaikulu alumpha katatu pomwe kawiri kakanakwana.

Nzeru zonse ziwirizi zikuyang'ana theka la nkhani. Yoyamba ikuona malo okha, yachiwiri ikuona mphamvu yokha. Chofunika ndi kuphatikiza ziwirizo, malo a mwala kuwonjezera mphamvu yake, chifukwa nambala imeneyo ndiyo ikunena pomwe mwalawo ungakufikitseni. Mwala 2 wa mphamvu 4 ukufika pa 6. Mwala 3 wa mphamvu 2 ukufika pa 5. Tikalemba mwachidule, ndi `i + a[i]`, pomwe `i` ndi malo ndipo `a[i]` ndi mphamvu ya pamalopo.

Kuleka kufunsa potera

Pali chinthu china chimene chimasintha kaganizidwe konse. Funso silinatifunse kuti tiponda miyala iti. Latifunsa kuti tilumpha kangati. Choncho m'malo mosankha potera, tingafunse kuti: ndi miyala iti imene ndingafikepo ndikalumpha kamodzi? Nanga kawiri? Nanga katatu?

Ndisanalumphe n'komwe ndili pamwala 0 wokha. Ndikalumpha kamodzi ndingafike pa 1, pa 2 kapena pa 3. Chimenecho ndi chigawo choyamba, ndipo malire ake ndi mwala 3. Tsopano ndiyende m'chigawochi mwala ndi mwala, osati ndi miyendo koma ndi maso, n'kumaona kuti uliwonse ungandifikitse pati. Mwala 1 ukufika pa 2, mwala 2 ukufika pa 6, mwala 3 ukufika pa 5. Kutali kwambiri ndi 6. Ndiye kuti kulumpha kwachiwiri kukutsegula miyala 4, 5 ndi 6, chigawo chachiwiri. M'menemo mwala 4 ukufika pa 5, mwala 5 pa 6, ndipo mwala 6 ukufika pa 11, kupitirira mapeto. Chigawo chachitatu chikuyamba pa 7 ndipo mwala 9 uli momwemo. Yankho ndi 3.

Taonani kuti mwala 8, msampha uja, sunativutitse. Uli m'chigawo chachitatu ngati anzake, koma palibe chimene watipatsa ndipo palibenso chimene watilanda. Mwala wopanda mphamvu umakhala vuto pokhapokha ngati anzake onse a m'chigawo alephera kuudumpha.

Pulogalamu imafuna kukumbukira manambala atatu okha. Yoyamba ndi `kangati`, kuchuluka kwa kulumpha kumene tawerenga. Yachiwiri ndi `malire`, mwala womaliza wa chigawo chomwe tikuyendamo. Yachitatu ndi `kutali`, malo akutali kwambiri amene taona kuti angafikike kuchokera pamiyala yonse yomwe tadutsa. Mu Python imalembedwa chonchi:

```python
def kulumpha_kochepa(a):
    kangati = malire = kutali = 0
    for i in range(len(a) - 1):
        kutali = max(kutali, i + a[i])
        if i == malire:
            if kutali == i:
                return -1
            kangati += 1
            malire = kutali
    return kangati
```

Tiitsate pamndandanda wathu. Pa `i = 0`, `kutali` ikhala 3. Popeza taima pamalire, tiwerenga kulumpha kumodzi ndipo malire asunthira pa 3. Pa 1 palibe chosintha, chifukwa 2 ndi wochepa kuyerekeza ndi 3 amene tili naye kale. Pa 2 `kutali` ikwera kufika 6, koma malire sasuntha, akadali pa 3. Apa ndi pamene ophunzira amasokonezeka, chifukwa amafuna kulumpha nthawi yomweyo ataona mwala wabwino. Pulogalamu siifulumira. Imadikira mpaka ithe kuona chigawo chonse, popeza mwina mwala 3 ukanakhala wabwino koposa. Pa 3 tafika pamalire: `kangati` ikhala 2, malire apita pa 6. Pa 4 ndi pa 5 palibe kanthu. Pa 6 `kutali` ikhala 11, `kangati` ikhala 3, malire apita pa 11. Miyala 7 ndi 8 ikadutsa, lupu yatha ndipo yankho latuluka.

Akatswiri amaika ndondomeko imeneyi m'gulu la njira za dyera, kutanthauza njira zimene zimatenga chabwino kwambiri chooneka panthawiyo ndipo sizibwereranso m'mbuyo kukasintha maganizo. Nzeru ziwiri zolephera zija nazonso ndi za dyera. Kusiyana kuli pa chimene ukuchichitira dyeracho.

N'chifukwa chiyani sikunama?

Njira ya dyera siyenera kukhulupiriridwa chifukwa choti yapereka yankho lolondola pa chitsanzo chimodzi. Taona kale nzeru yachiwiri ija ikukhoza pamndandanda wathu n'kukalephera pa wina. Pakufunika chifukwa chenicheni, ndipo apa chili m'mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi yakuti m'chigawo mulibe mipata. Tikati chigawo chachiwiri ndi miyala 4, 5 ndi 6, tikutsimikiza bwanji kuti 4 ndi 5 ikufikikadi, popeza ife tangoona kuti 6 ikufikika? Yankho lili mu lamulo la masewerawa: mphamvu ya mwala ndi muyezo wosayenera kupitirira, osati muyezo wokakamiza. Mwala 2 umene ukufika pa 6 ungathenso kukusiyani pa 5, pa 4 kapena pa 3. Ndipo popeza mwala wopambanawo nthawi zonse uli mkati mwa chigawo chakale, chilichonse chimene chili pakati pa malire akale ndi malire atsopano chili m'manja mwake. Mwala umodzi wokhawo ukukwanira kutsegula chigawo chonse chotsatira.

Mbali yachiwiri ndi yakuti palibe njira yachidule imene yatibisalira. Munthu wolumpha kawiri, kulumpha kwake kwachiwiri kuyenera kuyambira pamwala umene anafikapo atalumpha kamodzi. Miyala yonse yoteroyo taiona, ndipo palibe umodzi wopitirira 6. Ndiye palibe munthu, ngakhale wochenjera chotani, amene angafike pa 7 atalumpha kawiri. Maganizo omwewo amagwira pa katatu, pa kanayi, mpaka pamapeto. Tikaphatikiza mbali ziwirizi, nambala ya chigawo chimene mwala ulimo ndiyo kulumpha kochepetsetsa kofikira pamwalawo.

Mbali yoyamba ija ili ndi mphatso ina. Ngati wina akufuna njira yeniyeni, osati kuchuluka kokha, basi tizilemba mwala umene wakweza `kutali` komaliza m'chigawo chilichonse. Pamndandanda wathu ndi 0, 2 ndi 6, kenako mwala womaliza. Mwala wopambana wa chigawo chilichonse umafikika kuchokera pa wopambana wa chigawo cham'mbuyo, choncho njirayo imalumikizana yokha.

Mtengo wake

Njira ina yolondola, imene ambiri amayamba kuiphunzira, ndi yodzaza tebulo. Pamwala uliwonse umayang'ana miyala yonse ya m'mbuyo, n'kusankha mwa imene ingakufikitse pano uti unafikika ndi kulumpha kochepa, n'kuwonjezerapo kumodzi. Imeneyi ndi ya m'gulu la dayinamiki pulogalamingi, kaganizidwe kamene Richard Bellman anakakhazikitsa m'zaka za m'ma 1950. Siinama, koma imadya nthawi. Pa miyala `n` imayerekeza awiriawiri okwana `n(n-1)/2`. Pa miyala 10 ndi 45 okha, palibe amene angadandaule. Pa miyala 10,000, umene ndi mndandanda wautali kwambiri wololedwa pa funso la LeetCode lija, ndi 49,995,000. Pa miyala 1,000,000 ndi pafupifupi mabiliyoni 500, ndipo tebulolo nalo likufuna malo 1,000,000 osungiramo.

Njira ya zigawo imaponda mwala uliwonse kamodzi kokha. Pa miyala 1,000,000 lupu izungulira ka 999,999, ndipo imakumbukira manambala atatu omwe aja kaya mndandanda utalike bwanji. M'kalembedwe ka akatswiri, nthawi yake ndi `O(n)` ndipo malo osungira ndi `O(1)`, pomwe tebulo limafuna `O(n^2)` ndi `O(n)`.

Amene anaphunzirako za kufufuza njira azindikira nkhope yake. Kuyamba ndi zonse zofikika ndi sitepe imodzi, kenako ziwiri, kenako zitatu, ndi ndondomeko yakale imene m'mabuku imalembedwa kuti BFS. Konrad Zuse wa ku Germany anaifotokoza mu 1945 m'zolemba zimene zinadzasindikizidwa mu 1972, ndipo Edward F. Moore wa ku America anaitulukiranso payekha n'kuisindikiza mu 1959 ngati njira yopezera chidule m'malo a tinjira tosokoneza. BFS yeniyeni imasunga mzere wa malo odikira kuonedwa komanso chizindikiro cha malo amene yafikapo kale. Ifeyo zonsezi sitikuzifuna, chifukwa chigawo chopanda mipata chimafotokozeka ndi nambala imodzi, malire ake. Kwa ine, kuiona ngati BFS yopepukitsidwa n'kothandiza kuposa kuiloweza ngati njira ya dyera, chifukwa kumakuuzani nthawi yomweyo pomwe ingagwire ndi pomwe ingathyoke.

Pomwe imagwira ndi pomwe imathyoka

Imagwira paliponse pamene tikufuna kuphimba mzere ndi zidutswa zochepa. Funso nambala 1326 pa LeetCode ndi la mipopi yothirira munda: munda ndi mzere, mpopi uliwonse umathirira mtunda wina kumanzere ndi kumanja kwake, ndipo tikufuna kutsegula mipopi yochepa kuti munda wonse unyowe. Titenge munda wochokera pa 0 mpaka pa 8, ndi mipopi inayi yothirira 0 mpaka 4, 2 mpaka 4, 3 mpaka 7, ndi 6 mpaka 8. Mpopi uliwonse tiusandutse mwala woima pomwe madzi ake akuyambira, wa mphamvu yofanana ndi kutalika kwa dera lake. Tipeza `[4, 0, 2, 4, 0, 0, 2, 0, 0]`, ndipo pulogalamu yomwe ija, osasintha chilembo, ipereka 3. Mpopi wa 2 mpaka 4 ndi wosafunika.

Ngakhale tilole kulumpha chobwerera m'mbuyo mtunda uliwonse wosapitirira mphamvu ya mwala, yankho silisintha. Mwala uliwonse wa kumbuyo uli kale m'chigawo chomwecho kapena cham'mbuyo, ndiye kubwererako n'kutaya kulumpha kumodzi pachabe.

Koma sinthani mawu amodzi okha mu lamulo. Nenani kuti munthu azilumpha mtunda wofanana ndendende ndi mphamvu ya mwala. Pamndandanda wathu njira yatsala imodzi: 0, 3, 5, 6, kenako 11, m'madzi. Mwala 9 sufikikanso, pomwe pulogalamu yathu ikanenabe kuti 3 mosakayika. Zigawo zachita mipata, ndipo mbali yoyamba ya umboni uja yagwa. Funso la Jump Game III, nambala 1306, ndi la mtundu umenewu: umalumpha mtunda weniweniwo kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo pamenepo pamafunika kufufuza kwenikweni kokhala ndi chizindikiro cha malo ofikidwa kale.

Imathyokanso pamene kulumpha kulikonse kuli ndi mtengo wosiyana. Tinene kuti kutera pamwala 2 kumalipiritsa 100 pomwe miyala ina yonse ndi 1, ndipo cholinga ndi kulipira zochepa. Njira yathu ya 0, 2, 6, 9 idya 102, pomwe njira yonyozeka ija ya 0, 3, 5, 6, 9 idya 4 yekha. Kuwerenga zigawo kumayenda chifukwa kulumpha kulikonse kumawerengedwa mofanana. Zikasiyana, tebulo lija limabwerera pantchito.

Zolakwika zobisala

Khodi ya mizere 10 ili ndi malo atatu amene anthu amapunthwapo, ndipo onse atatu satulutsa uthenga uliwonse wochenjeza. Amangopereka nambala yabodza mwaulemu.

Choyamba ndi polekezera lupu. Talemba `range(len(a) - 1)`, kutanthauza kuti mwala womaliza sitiuyang'ana. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wafika safunikanso kulumpha. Mukalemba `range(len(a))`, pulogalamu ikafika pamwala womaliza n'kupeza kuti ndi pamalire, iwerenga kulumpha kwina kopita kopanda kanthu. Choipa n'chakuti cholakwikachi chimaonekera pokhapokha malire akagwera ndendende pamwala womaliza. Pamndandanda wathu wa miyala 10 malire omaliza anali 11, ndiye khodi yolakwikayo ipereka 3 ndithu, ndipo wolembayo apita kukagona ali wokhutira. Muyeseni ndi `[1, 1]`: yankho loona ndi 1, yake ipereka 2. Muyesenso ndi `[0]`, mndandanda wa mwala umodzi pomwe munthu ali kale pamapeto. Yankho ndi 0, koma yake inena kuti n'zosatheka.

Chachiwiri ndi mizere iwiri ya `return -1`. Funso la LeetCode limalonjeza kuti mapeto amafikika nthawi zonse, choncho mayankho ambiri ofalitsidwa alibe mizere imeneyi. Munthu akakopera khodi yotero n'kuigwiritsa ntchito pomwe lonjezolo palibe, amakumana ndi zachilendo. Tengani `[3, 2, 1, 0, 4]`. Miyala 0, 1 ndi 2 yonse ikuthera pa 3, ndipo pa 3 pali msampha. Palibe njira. Khodi yopanda mizere ija ifika pa 3, ipeza kuti ndi pamalire, iwonjezera kulumpha, iika malire pa 3 pomwepo, n'kulengeza kuti yankho ndi 2. Chizindikiro cha kukanirira n'chosavuta kuona: tafika pamalire koma `kutali` sinapitirire pomwe taima.

Chachitatu chimagwira olemba mu Java kapena C. Nambala ya mtundu wa `int` ya mabiti 32 imathera pa 2,147,483,647. Ngati wina waika nambala imeneyi pamwala wina uliwonse kupatula mwala 0 pofuna kunena kuti palibe muyezo, `i + a[i]` isefukira. Mu Java imasanduka nambala yochepera 0, ndipo mwala wamphamvu kuposa yonse umaoneka ngati wopanda pake. Mankhwala ake ndi kuphatikizira mu `long` pa Java kapena `long long` pa C. Python ilibe vutoli chifukwa manambala ake athunthu amakula mmene akufunira.

Njira yodalirika yogwirira ziwiri zoyambazo si kuyang'anitsitsa khodi, koma kuipikisanitsa ndi tebulo lochedwa lija. Lembani zonse ziwiri, kenako pangani mindandanda yonse yotheka ya miyala 1 mpaka 6 yokhala ndi mphamvu 0 mpaka 3. Ilipo 5,460, ndipo kompyuta wamba imaimaliza m'kanthawi kochepa. Paliponse pamene mayankho asiyana, sindikizani mndandandawo. Mukayambira pa waufupi kwambiri, lupu yopitirira igwidwa pa `[0]` pomwepo, ndipo khodi yosowa `return -1` igwidwa pa `[0, 0]`, pomwe idzanena kuti kulumpha kumodzi kwakwana kuchoka pamwala wopanda mphamvu.